Phunziro loyamba la Chingerezi kwa bambo amene analekezera Sitandade 2

Munthu wamkulu amene sanapite patali ndi sukulu akakupemphani kuti mumuphunzitse kulankhula Chingerezi, tsiku loyamba ndi limene limagamula ngati adzabweranso. Sadzakuuzani kuti zandivuta. Adzathokoza bwinobwino, adzalonjeza za Lachinayi, ndipo Lachinayilo mudzamva kuti apita kumaliro kapena kudimba. Ndikulemba izi kwa anzanga ophunzitsa mongodzipereka kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, potsata mmene ndinakonzera phunziro la bambo wina wa ku Nchalo ndi mmene linayendera, kuyambira tsiku limene anandipempha mpaka phunziro lachiwiri.

Bambowa anali ndi zaka zopitirira 40, mlonda wa pageti pamalo ena ogona alendo. Kwawo amalankhula Chisena, Chichewa amachidziwa bwino, ndipo dzina lawo amatha kulilemba, ngakhale pang'onopang'ono. Sukulu anaisiya maphunziro a pulayimale asanakhale aulere mu 1994, chifukwa fizi inasowa ndipo kunyumba kunkafunika woweta mbuzi. Anthu a msinkhu umenewu alipo ambiri m'chigwa muno, ndipo pali chinthu chimodzi chofunika kuchikumbukira za iwo. Masiku amenewo ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, Chingerezi chili phunziro chabe, ndipo chinkayamba kukhala chiyankhulo cha m'kalasi ku Sitandade 5. Wolekezera Sitandade 2 ndiye kuti Chingerezi sanakhalemo n'komwe. Chimene amakumbukira ndi kanyimbo ka zilembo, moni woyimba pamodzi aphunzitsi akalowa, ndi chikwapu.

Anandipempha tikutuluka m'tchalitchi, anthu atabalalika, ndipo mawu awo anali akuti, "Aphunzitsi, ndimafuna kachizungu pang'ono." Pamenepa mpamene ambiri timathamangira kukabwereka buku la Sitandade 1. Musatero. Phunziro lisanayambe pamafunika kucheza kwapadera, kopanda kope, kwa mphindi 20 kapena 30, m'chiyankhulo chimene munthuyo amamasuka nacho. Ife tinacheza m'Chichewa, ndipo mawu ena ankawanena m'Chisena ine n'kufunsa tanthauzo. Kufunsako kumathandiza, chifukwa munthu amaona kuti nayenso ali ndi chiyankhulo chimene mphunzitsi sachidziwa bwino.

Funso lakuti "mukufuna kuphunzira chiyani?" silibala kanthu, yankho lake limangokhala "chilichonse, inu ndi amene mukudziwa." Funso lothandiza ndi ili: "Bambo, ndi liti pamene munafuna Chingerezi n'kuchisowa? Panali ndani, ndipo anati chiyani?" Anakhala chete, kenako anafotokoza. Galimoto ya alendo inafika usiku, mwini wake anatsitsa galasi n'kulankhula, iwo osamvapo kanthu. Anangotsegula geti. Kutacha anadzudzulidwa pamaso pa anzawo chifukwa cholowetsa munthu osamufunsa dzina. Pofotokoza sankandiyang'ana, ankangopinda chipewa chawo m'manja. Zinandikhudza kwambiri, ndipo phunziro lonse loyamba linachokera m'nkhani imeneyi. Sankafuna zilembo, kapena mayina a zipatso, kapena masiku a pasabata. Ankafuna kuimitsa galimoto mwaulemu, kufunsa dzina, ndi kuuza mlendo kuti adikire pamene iwo akukaitana a manijala.

Pa kucheza komweko ndinafunsanso zinthu zitatu zimene zimawononga maphunziro ambiri zikapanda kufunsidwa: amagwira ntchito nthawi yanji, amamva ndi kuona bwino, ndipo akufuna kuti ndani adziwe zoti akuphunzira. Za maso musazipeputse. Anthu ambiri akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zilembo zazing'ono zapafupi, ndipo munthu amene sawerenga kawirikawiri sazindikira kuti vuto ndi maso, amangoti mutu wanga ndi wouma. Mukaona wophunzira akutalikitsa pepala kapena foni, dziwani kuti magalasi owerengera angamuthandize kuposa kubwereza phunziro. Za makutu n'chimodzimodzi: funsani khutu limene limamva bwino, mukhale mbali imeneyo.

Nthawi ndi malo zinatidyera sabata yathunthu. Bambowa ankalowa ntchito 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndiye m'mawa ndi nthawi yogona. Masana a Okutobala ku Nchalo inu mukuwadziwa, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata palibe mutu umene ungagwire chiyankhulo chatsopano. Tinagwirizana 4 koloko, dzuwa litapendeka, kuti potsiriza apite molunjika kuntchito. Izi zinali ndi ubwino wina, woti zimene aphunzira azikazigwiritsa ntchito usiku womwewo. Pakhonde pawo anakana, ndipo anali ndi chifukwa. Ana awo ali ku sekondale, adzukulu ndi ana a aneba amasonkhana akaona mlendo, ndipo bambo wa pakhomo sangalakwitse mawu ana akuseka. Tinapeza mthunzi wa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi, titapempha kwa akulu a mpingo. Tsiku loyamba limene tinapangana linalephereka chifukwa mnzawo wa masana anadwala malungo, iwo n'kugwira mashifiti awiri. Zotere muziyembekezere, ndipo musazione ngati mphwayi.

Ndalama zimene zinalowa sizinali zambiri: kabaza popita ndi pobwera, mayunitsi oimbirana, ndi botolo la madzi akumwa. Kope ndi cholembera sindinagule. Chimene chinalowa chambiri ndi nthawi, chifukwa kukonza phunziro la mphindi 45 kunanditengera pafupifupi maola awiri, ndipo gawo lalikulu la nthawiyo linali lochotsa zinthu. Mndandanda woyamba unali ndi ziganizo khumi. Ndinatsala ndi zinayi.

Zinayizo ndizilemba monga zimamvekera m'kamwa mwa wophunzira, inu pophunzitsa muzinene bwino monga mukuzidziwira. Choyamba ndi moni wa madzulo, "gudu ivining'i". Chachiwiri ndi kufunsa dzina, "yowa nemu, pulizi". Chachitatu ndi kupempha mlendo kuti adikire, "weti, pulizi". Chachinayi ndi chodzipulumutsira pamene sanamve, "ageni, pulizi". Ndinasankha dala kuti zitatu zithere ndi mawu amodzimodzi aulemu. Munthu akagwira mawu otsirizawo kamodzi, pa chiganizo chilichonse chotsatira amangophunzira chidutswa chimodzi chatsopano. Funso lalitali la dzina limene lili m'mabuku a sukulu ndinalisiya, chifukwa lili ndi mawu anayi omangirirana, pamene lalifupili ndi laulemu ndithu ndipo alonda ndi olandira alendo amaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Moni wa m'mawa ndi wa masana ndinausiyanso. Munthu wolowa ntchito 6 koloko madzulo amafunika moni umodzi poyamba, ndipo mukampatsa mitatu nthawi imodzi amaisakaniza.

Chiganizo chachinayicho ndimachiona chofunika kuposa zinzake. Tikaphunzitsa munthu kufunsa funso timaiwala kuti funso limabweretsa yankho, ndipo mlendo sayankha za m'buku. Amalankhula mofulumira, amawonjezera kumene wachokera ndi amene akumufuna. Wophunzira amene alibe mawu opempha kubwereza amangogwedeza mutu n'kutsegula geti, monga kale.

Ndinanyamula zinthu zochepa: kiyi, foni, chipewa, ndi mipando iwiri ya pulasitiki ya kutchalitchi. Zithunzi zojambula ndi pensulo sindinatenge. Munthu amene sanazolowere mabuku satanthauzira chojambula mofanana ndi ife: muvi wosonyeza kulowa, kapena kabwalo kotuluka pakamwa kosonyeza kuti munthu akulankhula, ndi zinthu zimene tinaphunzira kusukulu osadziwa kuti tikuphunzira. Chinthu chenicheni chogwirika m'manja sichifuna kutanthauzira.

Tsikulo anafika atavala malaya oyera, atanyamula kope latsopano ndi cholembera. Anali atagula okha. Apa pamafunika kusamala, chifukwa kwa iye kope ndiye chizindikiro chakuti sukulu yayambadi, ndipo mukamuuza kuti libwezeni m'thumba mumamuchotsa ulemu. Ndinalilandira ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti alembe dzina lawo pachikuto, chinthu chimene ndinkadziwa kuti amatha. Kenako ndinati, "Bambo, kopeli tilisunge apa, lero tiyamba ndi makutu ndi pakamwa. Mwana amayamba kulankhula asanagwire cholembera, ndipo Chichewa munachidziwa popanda kope." Anaseka, n'kuliika pansi pa mpando. Chifukwa chake n'chakuti kalembedwe ka Chingerezi sikatsata kamvekedwe monga mmene Chichewa chimachitira. Munthu wowerenga movutikira akaona mawu olembedwa amawawerenga Chichewachewa, ndipo zimene waona zimafafaniza zimene wamva. Komanso mphamvu zake zonse zimathera pokopera zilembo, pakamwa osatsegula.

Mphindi zisanu zoyambirira tinacheza m'Chichewa za kunyumba ndi za kutentha, ndipo ndinawauza chimene chichitike: titenga mphindi 45, tiphunzira mawu anayi a pageti, palibe mayeso, ndipo akatopa anene. Munthu amene sukulu inamupweteka amakhala akudikira nthawi yochititsidwa manyazi, ndipo akadziwa ndondomeko yonse mtima umakhala pansi. Kenako ndinaika kiyi ndi foni pampando n'kufunsa mayina ake. Anati kiyi, foni. Ndinaloza kumsewu, tinatchula geti, ofesi, basi. Nditawauza kuti mlendo wolankhula Chingerezi akhoza kumva mawu onsewa, anandiyang'ana koyamba m'maso. Gawo limeneli lisapitirire mphindi zitatu, ntchito yake ndi yongochotsa maganizo oti akuyambira pansi penipeni.

Zitatero tinalowa gawo lomvetsera, pafupifupi mphindi khumi, ndipo m'gawo limeneli sindinawapemphe kunena kanthu m'Chingerezi. Ndinawauza tanthauzo la chiganizo chilichonse kamodzi m'Chichewa, n'kuchinena m'Chingerezi kangapo ndikuchita ndi thupi: pa moni ndinkavula chipewa, pa "weti" ndinkakweza dzanja ngati woimitsa galimoto, pa "ageni" ndinkagwira khutu. Kenako ine ndinkanena, iwo n'kuchita chizindikiro. Poyamba motsatana, kenako mosakaniza. Apa mpamene mumadziwira ngati munthu wamva, osati pomufunsa kuti "mwamva?". Funso limenelo munthu waulemu amayankha "eya" nthawi zonse, makamaka kwa amene akumutcha aphunzitsi. Dzanja silinama. Ndikanena "weti" iwo n'kugwira khutu, ndinkadziwa kuti ziwirizi sizinasiyane m'makutu mwawo, ndipo ndinkabwerera osanena kuti mwalakwa.

Kulankhula kwanga kunali kodekha koma kosadula mawu m'zidutswazidutswa. Mukakoka mawu mopitirira, wophunzira amazolowera Chingerezi chimene sadzachimva kwa munthu wina aliyense. Ndi bwino kunena chiganizo chachifupi mwachibadwa, n'kupuma nthawi yaitali pakati pa chiganizo ndi chinzake.

Gawo lolankhula linayamba iwo okha atayamba kung'ung'udza mawuwo chapansipansi. Chimenecho ndiye chizindikiro choti munthu wakonzeka. Tinayambira kumapeto kwa chiganizo: "pulizi" payekha, kenako "nemu, pulizi", kenako chonse. Kuyambira kumapeto kumathandiza chifukwa munthu akamanena amalowera ku mawu amene wawadziwa kale, ndipo sakakamira pakati. Tinkanena limodzi kawiri kapena katatu, kenako ine ndinkatsitsa mawu anga mpaka atatsala okha osazindikira.

Apa ndi pamene panavuta, ndipo vuto limeneli mudzakumana nalo ndithu. Nditafuna kuti tiyese kufunsana, ndinati "yowa nemu, pulizi" ndikudikira kuti atchule dzina lawo. Iwo anabweza, "yowa nemu, pulizi." Ndinafunsanso, anabwezanso chimodzimodzi, mokweza, poganiza kuti sindinakhutire ndi katchulidwe. Sikuti sanamve tanthauzo. Kwa mphindi khumi lamulo la masewerawo linali lakuti mphunzitsi akanena, wophunzira abwereze, ndipo ndi lamulo lomwelo limene ankalidziwa kusukulu. Palibe chimene chinawauza kuti lamulo lasintha. Nkhope yawo inayamba kugwa, anatulutsa kaseko kopanda chimwemwe, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mutu wangawu unauma kalekale." Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinadziwa kuti mphindi ziwiri zotsatira ndi zimene zitiuze ngati pakhala phunziro lachiwiri.

Chothandiza pamenepa si kufotokoza kwambiri, kapena kumulimbikitsa ndi mawu okoma, koma kusintha malo kuti thupi lidziwe kuti tsopano ndi zina. Tinaimirira. Mipando iwiri ija ndinaiika moyang'anizana kuti ikhale geti. Ndinawapatsa chipewa chawo n'kunena m'Chichewa kuti, "Bambo, inu muli pantchito. Ine ndine mlendo, ndikubwera pagalimoto. Musabwereze zanga, chitani ntchito yanu." Ndinapita chapatali, n'kubwera ndikuliza hutala ndi pakamwa. Anaimirira mowongoka, monga amaimira pageti penipeni, n'kukweza dzanja. Kenako kunali zii.

Kudikira kumeneku ndiye kuleza mtima kumene timanena. Mphunzitsi akafunsa funso, masekondi awiri a chete amamuvuta, ndipo amathamangira kupereka yankho kapena kubwereza funso m'mawu ena, zimene kwa wophunzira zimakhala ngati funso lachiwiri loyamba lisanathe. Munthu amene akufunafuna mawu m'chiyankhulo chachitatu amafunika nthawi yotalikirapo. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka khumi, nkhope ili yomasuka, osamuyang'anitsitsa m'maso. Ndisanafike pa khumi anati, "Gudu ivining'i." Ndinayankha. Chete wina. "Yowa nemu, pulizi." Ndinatchula dzina. Anakweza dzanja: "Weti, pulizi." Anatembenuka n'kuyenda masitepe atatu ngati akupita kukaitana a manijala, n'kubwerera akuseka, kuseka kwenikweni tsopano.

Mukawerenga mpaka khumi mawu osatuluka, musapereke chiganizo chonse. Chitani chizindikiro chija, kapena yambitsani kamvekedwe koyamba kokha. Munthu akamaliza yekha amamva kuti mawuwo ndi ake.

Tinabwereza sewerolo kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkasintha kanthu kamodzi. Ulendo wina ndinatchula dzina lina. Ulendo wina ndinayankha mofulumira dala, ndi chiganizo chachitali chokhala ndi dzina pakati. Anazizira, kenako dzanja linapita lokha kukhutu, n'kunena "ageni, pulizi." Ndinabwereza pang'onopang'ono, ndipo anatola dzinalo. Ndinawauza m'Chichewa kuti pageti sakufunika kumva zonse zimene mlendo wanena, akungosaka dzina, monga munthu pamsika wa Nchalo amamva mtengo wa nsomba pakati pa phokoso lonse. Kwa munthu woyamba kumene, kudziwa kuti kuphonya mawu ena si kulephera kumachotsa mantha ambiri.

Za katchulidwe, tsiku loyamba ndinakonza chinthu chimodzi chokha. Olankhula Chichewa ndi Chisena timakonda kutseka mawu ndi a, e, i, o kapena u, ndiponso kulowetsa kamvekedwe kotere pakati pa zilembo zogundana, ndiye "pulizi" ndi "weti" zimatuluka motero. Mlendo amamva ndithu, ndipo sindinazikhudze. Chimene ndinakonza ndi "nemu", chifukwa ankalimeza mpaka kumveka ngati mawu ena. Ngakhale apo sindinanene kuti ayi. Ndinkangolibwereza bwino m'yankho langa, iwo n'kulimva. Muyeso wake ndi umodzi: kodi mlendo angamve chimene akutanthauza? Ngati angamve, zisiyeni. Mukadula munthu pakati pa chiganizo chake choyamba kuti mukonze kamvekedwe, chiganizo chachiwiri sichibwera.

Pofika mphindi ya 35 ndinaona zizindikiro za kutopa. Anayamba kusakaniza "weti" ndi "ageni" zimene poyamba ankazisiyanitsa bwino, ankayankha "eya, eya" ndisanamalize, ndipo maso ankapita kumsewu. Munthu wogwira ntchito usiku, m'nyengo yotentha, amafika pamenepa msanga. Ndinali ndi chiganizo chachisanu chimene ndinasungira ngati nthawi italola, chofunsa mlendo amene akufuna kumuona. Sindinachitulutse. Tinamwa madzi, tinachita sewerolo komaliza m'njira yophweka imene ndinkadziwa kuti aikhoza, n'kulekera pamenepo.

Mphindi zotsalazo zinali za chonyamula kupita nacho kunyumba. Popeza sitinalembe, kope lawo linakhala foni. Anali ndi foni ya mabatani, ndipo ambiri mwa mafoni amenewa ali ndi pojambulira mawu. Ndinajambula kachidutswa kosakwana mphindi imodzi: tanthauzo m'Chichewa, kupuma, chiganizo m'Chingerezi kawiri, kupuma kotalika koti iwo abwereze. Chofunika apa n'choti wophunzira atsegule yekha chojambulacho inu muli pompo, kawiri konse, kuyambira foni ili m'thumba. Mukangomujambulira n'kumupatsa, akafika kunyumba sachipeza, ndipo sangafunse mwana chifukwa cha manyazi aja. Tinawerenga mabatani oti adine, n'kuwasonyeza chizindikiro cha pagalasi choti azitsata. Ndinawapempha kuti azimvetsera kamodzi polowa ntchito ndi kamodzi pakati pa usiku pamene kuli zii, osati kuloweza kwa ola lathunthu. Kubwereza pang'ono tsiku lililonse kumagwira kuposa kubwereza kwambiri tsiku limodzi.

Kope lija silinabwerere chabe. Ndinawapempha kuti patsamba loyamba ajambule okha zizindikiro zinayi zowakumbutsa: chipewa, munthu, dzanja, khutu. Zojambula zimene munthu wapanga yekha amazimva, ngakhale zitakhala zokhota. Potsazikana anati, "Zikomo aphunzitsi, koma lero sitinalembe." Ndinayankha kuti, "Tidzalemba, bambo. Mawu amene pakamwa pawadziwa kale savuta kulemba." Ndinawauzanso kuti ngati akufuna kulimbitsa kuwerenga ndi kulemba Chichewa, alangizi a zachitukuko amadziwa kumene kuli sukulu ya kwacha yapafupi, ndipo ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi. Munthu wowerenga bwino chiyankhulo chimene amachidziwa savutika kwambiri akafika pa zilembo za Chingerezi.

Tinakumananso patatha masiku anayi, ndipo ndikulangiza kuti phunziro lachiwiri lisatalikire kupitirira apo, chifukwa sabata yathunthu imafafaniza zambiri. Pa ziganizo zinayi, ziwiri zinali zolimba, moni ndi "weti, pulizi". Funso la dzina linkatuluka ndikachita chizindikiro. "Ageni" linali litasoweratu. Izi n'zachibadwa, ndipo mphunzitsi asaonetse kukhumudwa ngakhale pankhope, chifukwa wophunzira amayang'ana nkhope yanu kuposa mmene amamvera mawu anu. Anandiuza kuti usiku wachiwiri kunabwera galimoto, anapereka moni, mlendo anayankha zambirimbiri, iwo n'kuiwala zonse kupatula kukweza dzanja ndi kunena "weti, pulizi". Mlendoyo anadikira. Geti silinatsegulidwe mpaka a manijala atafika.

Pa chifukwa chimenechi theka la phunziro lachiwiri linathera pa zakale, makamaka "ageni", ndipo ndinabwera ndi mnzanga wa kwaya, bambowo atavomera, kuti azolowere mawu a munthu wina osati anga okha. Chatsopano chinali chimodzi, chiganizo chachisanu chija chimene ndinasunga. Manambala a zipinda tinawaika pa phunziro lachitatu, ndipo sanavute, popeza ambiri timawerenga kale ndalama ndi manambala a foni m'Chingerezi. Zilembo tinaziyamba patatha mwezi, ndipo mawu oyamba amene analemba pansi pa chithunzi cha dzanja anali a chiganizo chimene anaimitsira galimoto.